Kalata Yothokoza Atatha Mafunso a Nchito

Munthu wofuna nchito akatuluka m'chipinda cha mafunso, amene ambiri amawatcha intaviyu, kawirikawiri amayesa kuti mbali yake yatha ndipo kwatsala kudikira kokha. Koma pali kanchito kamodzi kamene angathe kuchita tsiku lomwelo, ndiko kulemba imelo yaifupi kwa amene adamfunsa. M'menemo athokoze, akumbutse chifukwa chake nchitoyo imyenera, ndipo aonjezepo mfundo imodzi imene sadainene pa mafunso paja. Kuthokozako nkosabvuta. Pamene ambiri amaphunthwa ndi pa mfundo yatsopanoyo.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Chipatala cha mishoni chikufuna kalaliki wosunga mabuku a m'chipinda cha mankhwala, ndipo chaitana anthu asanu. Mmodzi wa iwo ndi mtsikana amene adagwirapo nchito zaka ziwiri m'sitolo yogulitsa katundu wopikulitsa. Lachiwiri m'mawa aonekera pamaso pa anthu atatu, ndiwo Sisitere woyendetsa chipatalacho, mkulu wowerengera ndalama ndi namwino wamkulu. Mafunso ali mkati, Sisitere adandaula kuti mankhwala ena amafika tsiku lake lothera mphamvu akali pa shelefu, kotero kuti amatayidwa. Mtsikanayo, mtima uli phaphapha, angoyankha kuti adzasamala. Ali m'minibasi pobwerera, ndi pamene akumbukira kuti ku sitolo kuja adalimbana ndi bvuto lomweli pa mkaka waufa ndi mafuta ophikira. Katundu wokhala pafupi kutha ankamuika patsogolo kuti ayambe kutuluka ndiye, ndipo pa kutha kwa mwezi ankalembera mwini sitolo zonse zimene zidzatha m'miyezi itatu ikudzayo.

Imeneyi ndiyo mfundo yoyenera kalata yake, ndipo iri ndi zizindikiro zoidziwira. Ikuyankha nkhawa imene ofunsawo adaitchula okha. Ndi chinthu chimene adachitadi, chimene mwini sitolo angachitire umboni ngati Sisitere amuimbira foni. Ndiponso ingathe kunenedwa m'mizere itatu. Mtsikanayo ali nazo zina zimene mtima ukumuuza kuti alembe: kuti amaimba kwaya ya parishi, kuti Bambo Mfumu amamdziwa, kuti amai ake akudwala ndipo pakhomo palibe wogwira nchito. Zonsezi ndi zoona, koma siziuza chipatala kanthu za mabuku a mankhwala. Kutchula Bambo Mfumu kukhoza ngakhale kumpweteka, pakuti ofunsa angaone ngati akufuna kulowera pa khomo la kuseri.

Chifukwa chake mfundo ikhale imodzi ndi ichi: Sisitere adzawerenga imeloyo pa foni, ali pakati pa nchito zina. Akapeza mfundo imodzi, adzaikumbukira pokambirana ndi anzake awiri aja. Akapeza zisanu, adzaona ngati mtsikanayo akuyankhanso mafunso onse kachiwiri, zimene anzake anai sadapatsidwe mpata wochita.

Madzulo a Lachiwiri lomwelo mtsikanayo atsegula imelo imene idamuitana ku mafunso, nadina Reply, kuti kalata yake ifike pansi pa nkhani yomweyo ndipo asalakwitse adiresi. Ngati adaitanidwa pa foni, ayambe imelo yatsopano, ndipo pa mzere wa Subject alembe dzina la nchitoyo, tsiku la mafunso ndi dzina lake. Chilankhulo chikhale chimene adagwiritsa nchito pomfunsa. Maofesi ambiri amafunsa m'Chingerezi, tsono kalata nayo ikhale ya Chingerezi. M'Chichewa ingamveke motere:

"Okondedwa Sisitere, ndikuthokoza chifukwa cha nthawi imene inu ndi anzanu munandipatsa lero m'mawa pa mafunso a nchito ya ukalaliki wa m'chipinda cha mankhwala. Nditamva m'mene nchitoyi imayendera, ndikuona kuti zaka ziwiri zimene ndidasunga mabuku a katundu wolowa ndi wotuluka, m'kaundula ndi pa Excel, zingathandize chipatala chanu. Munatchula za mankhwala othera pa shelefu, ndipo sindinayankhe mokwanira. Ku sitolo kumene ndinkagwira nchito, katundu wokhala pafupi kutha ndinkamuika patsogolo, ndipo mwezi uli wonse ndinkapereka m'ndandanda wa zimene zidzatha m'miyezi itatu. Ndingakondwe kuchita chimodzimodzi motsogozedwa ndi woyang'anira mankhwala wanu. Chonde mundiperekere kuthokoza kwanga kwa anzanu awiri aja."

Pansi pake alembe dzina lake lonse ndi nambala ya foni, basi.

Mau akuti "motsogozedwa ndi woyang'anira mankhwala wanu" sadalowemo mwangozi. Mkaka si mankhwala, ndipo mtsikanayu sadaphunzire za mankhwala. Akadalemba ngati adzathetsa bvuto lonse yekha, namwino wamkulu akadaona msanga kuti akudzitama pa zimene sadziwa. Chimodzimodzi pokumbutsa za zaka ziwiri zija: chiwerengerocho chigwirizane ndi chimene chiri pa kalata yofunsira nchito ndi chimene adanena pakamwa. Zaka ziwiri zikasanduka zitatu m'imelo, ofunsa adzayamba kukayika ndi zina zomwe. Za malipiro, nyumba ndi tchuthi zisalowemo. Nthawi yake ndi pamene nchito yaperekedwa.

Kalatayi imafulumizidwa chifukwa ofunsa ambiri amapereka malikisi tsiku lomwelo ndi kugwirizana pasanapite masiku ambiri. Imelo yofika Lachisanu ipeza nkhani itatha. Choncho ipite tsiku la mafunso, kapena m'mawa mwake ngati magetsi kapena bandulo zabvuta. Komabe kufulumira kuli ndi misampha yake. Dzina la wolandira lionedwe bwino pa imelo yoitana ija, pakuti kalata yothokoza yolakwitsa dzina la munthu imachita manyazi kuposa kusalemba. Pa To ndi pa Cc pakhale ofunsa okha. Ofesi zina zimaitana ofuna nchito onse pa imelo imodzi, ndipo wodina Reply all amatumiza mfundo yake kwa anzake opikisana nawo. Atatumiza, ayang'ane mu Sent. Pamene netiweki iri yofooka, kalata imatha kukhala mu Outbox usiku wonse mwini wake akuyesa kuti idapita.

Pali malo ena kumene kalata yotere iyenera kufupikitsidwa, kapena kusiyidwa kumene. Zolengeza za nchito zina, makamaka za boma ndi mabungwe akuluakulu, zimachenjeza kuti wopezeka akunyengerera ofunsa adzachotsedwa pa mpikisano. Kumeneko munthu asafunefune adiresi ya wofunsa ali yense payekha. Ngati alemba, alembere ofesi imene idamuitana mau awiri othokoza, mfundo yatsopano ija aisunge. Ndipo kuli konse, imelo isatsagane ndi mphatso, ngakhale mayunitsi a foni, pakuti pamenepo kuthokoza kwasanduka chiphuphu.

Akatekisiti ndi atsogoleri a achinyamata amene amapemphedwa kuwerengako makalata otere angathandize ndi funso limodzi kwa wolembayo: kodi ofunsa adadandaula za chiani? Amene sakumbukira kanthu alembe zothokoza ndi zokumbutsa zokha, osapeka mfundo. Kalata ikapita, mtsikana uja adikire tsiku limene Sisitere adalonjeza kuti ayankha. Likapitirira ndi sabata kuli zii, angathe kulembanso kamodzi, mizere iwiri yofunsa ngati chiganizo chapangidwa.