Phindu la kampani: tigawane kapena tisunge?

Kodi dividendi n'chiyani?

Kampani ikalipira antchito, chiwongoladzanja ndi msonkho, chotsala ndi phindu la eni masheya. Gawo limene eniakewo amalandira ndilo dividendi. Linalo limasungidwa m'kampani kuti lipitirize kugwira ntchito.

Amene amagamula ndani?

Ndi bodi. Dividendi ya pakati pa chaka bodi imalengeza yokha, koma yotsiriza imavomerezedwa ndi eni masheya pa msonkhano waukulu wa pachaka.

Bwanji osangogawana phindu lonse?

Chifukwa phindu la m'mabuku si ndalama zili m'manja. Tiyerekeze kuti kampani yopanga sopo yapeza phindu la K800 miliyoni, ndipo ili ndi masheya 400 miliyoni. Ndiye kuti sheya iliyonse yapindula K2. Koma K300 miliyoni ikadali kwa amashopu amene anatenga sopo pa ngongole. K250 miliyoni ikufunika kugulira makina, poti akalewo atopa. Yatsala K250 miliyoni. Bodi yochenjera ingagawe K200 miliyoni, ina n'kusiya ya pangozi. Apa sheya iliyonse ikulandira 50 tambala, ndipo mwini masheya 10,000 atenga K5,000, boma lisanadulepo msonkho.

Palinso vuto la kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Kampani yoitanitsa zipangizo kunja inayenera kupeza makwacha ochuluka kuti igule katundu yemwe uja. Imene inagawiratu phindu lonse ikanathamangira ku banki kukakongola pa chiwongoladzanja chokwera. Mabanki nawonso sagawa mwachisawawa, chifukwa Reserve Bank of Malawi imawalamula kusunga mpamba wokwanira.

Ndiye kusunga n'kwabwino nthawi zonse?

Ayi ndithu. Ndalama yosungidwa ndi yanu, ndipo iyenera kubereka kuposa momwe ikanaberekera mukanakongoza boma kapena kuiika ku banki. Microsoft inayamba kupereka dividendi mu 2003, itakhala pa msika wa masheya kuyambira 1986, koma eniake sanaluze poti kampani inkakula ndipo mtengo wa masheya unkakwera. Koma pali mabwana ena amene amakakamira phindu n'kumagulira magalimoto apamwamba ndi mabizinesi osawadziwa. Kumeneko n'kudyera eni masheya masuku pamutu.

Ndingadziwe bwanji kuti zinthu sizili bwino?

Tsegulani lipoti la pachaka la zaka zingapo. Ngati phindu losungidwa likukwera koma phindu la sheya iliyonse laima, ndalama yanu ikugona. Ngati dividendi ikuposa ndalama zenizeni zolowa kuchokera ku malonda, ndipo ngongole ikukula, dividendiyo siikhalitsa. Bodi zambiri zimaopa kutsitsa dividendi, mwakuti zina zimakongola kuti zingosunga mbiri.

Ku msonkhano wa pachaka, imirirani mufunse bodi kuti phindu limene inasunga chaka chatha linagwira ntchito yanji.