Kufikira Kompyuta ya ku Ofesi Muli Kutali, Osatsegula Khomo pa Rauta

Tiyerekeze kuti kompyuta yosungira mabuku a ndalama ili mu ofesi ku Lilongwe, pomwe mwini wake ali ku Blantyre ndi laputopu. Malangizo akale amati atsegule poti pa rauta ya ku ofesi, ndiye kuti khomo la nambala lolowera mauthenga ochokera kunja. Masiku ano njirayi imakanika kawirikawiri, pakuti makampani ambiri a intaneti ya pa foni amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa adiresi imodzi yoonekera kunja. Mukaona patsamba la rauta kuti adiresi yomwe kampani yakupatsani ili pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena ikuyamba ndi 10, dziwani kuti khomo lenileni lili m'manja mwa kampaniyo, ndipo kutsegula poti kwanu sikuphula kanthu. Mfundo yanga ndi yakuti khomolo silikufunika n'komwe, bola makina onse awiri akhale oyamba okha kutuluka.

Chifukwa chake chili m'khalidwe la rauta. Kompyuta ya ku ofesi, ya adiresi ya m'kati 192.168.1.20, ikatumiza uthenga kunja, rauta imachotsa adiresiyo n'kuikapo yake yoonekera kunja, kenaka imalemba m'kaundula kuti yankho lochokera komwe uthengawo wapita lizilowa. Ntchitoyi imatchedwa NAT. Uthenga wobwera wopanda dzina m'kaundulamo umangotayidwa. Zili ngati mlonda wa pageti amene amabweza mlendo aliyense, kupatula amene mwininyumba wamuitana kumene. Ndiye ngati makina awiri atumizirana mauthenga pa nthawi imodzi, rauta iliyonse imaona uthenga wa mnzake ngati yankho la womwe watuluka, n'kuulola. Netiweki yoyalidwa pamwamba pa intaneti imagwiritsa ntchito mpata umenewu. Pano titenga Tailscale, yomwe imabisa mauthenga pogwiritsa ntchito WireGuard, pulogalamu ya Jason Donenfeld yomwe inalowa mu Linux mu 2020.

Choyamba, ikani Tailscale pa makina onse awiri ndipo mulowe ndi akaunti imodzi. Pa Windows ndi pa foni mumaitsitsa monga pulogalamu ina iliyonse, pomwe pa Linux mumalemba izi:

```
curl -fsSL https://tailscale.com/install.sh | sh
sudo tailscale up
```

Apa makina aliwonse amadzipangira makiyi awiri. Kiyi wachinsinsi sachoka m'makinamo, koma mnzake, woonetsa poyera, amapita ku seva yolumikizitsa ya Tailscale. Makinawo amalandiranso adiresi yoyamba ndi 100 yomwe sisintha ngakhale mutachoka pa rauta ya kunyumba n'kupita pa intaneti ya foni. Tinene kuti kompyuta ya ku Lilongwe mwaitcha `ofesi` ndipo yalandira 100.101.102.103.

Chachiwiri chimachitika chokha, komabe ndi bwino kuchimvetsa chifukwa mavuto ambiri amabadwira pomwepa. Kompyuta ya kuseri kwa rauta sidziwa momwe imaonekera kunja, choncho imafunsa seva ya STUN kudzera pa poti 3478 ya UDP, ndipo imayankhidwa kuti, mwachitsanzo, ikuoneka ngati 203.0.113.7 pa poti 41641. Laputopu ya ku Blantyre imachitanso chimodzimodzi. Akauzana maadiresiwa, onse awiri amayamba kutumizirana timauthenga toyesera. Koyamba kochokera ku Blantyre kangathe kutayidwa pofika ku Lilongwe, koma kamakhala katalembetsa kale njira m'kaundula wa rauta ya ku Blantyre, motero kochokera ku Lilongwe kamalowa. Kuyambira pamenepo awiriwa amalankhulana mwachindunji, ndipo amapitiriza kutumizirana timauthenga apa ndi apo kuti rauta isafufute zomwe inalemba.

Chachitatu, tsimikizani njira yomwe mauthenga akudutsa. Pa laputopu lembani:

```
tailscale ping ofesi
tailscale status
```

Mayankho oyamba nthawi zambiri amaonetsa `via DERP`, kusonyeza kuti uthenga wadzera pa seva yopatsirana ya pakati, monga ya ku Johannesburg yomwe imalembedwa `jnb`. Zimenezi n'zoyembekezeka, popeza kulumikizana kumayambira kumeneko pamene njira yachindunji ikufufuzidwa. Pakapita kamphindi muyenera kuona `via 203.0.113.7:41641`, ndipo lamulo lachiwirilo lionetse `direct`. Likamaonetsabe `relay` pamene makina akutumizirana zinthu, ndiye kuti kuboola njira yachindunji kwalephera. Kulumikizana kulipo ndithu, koma fayilo yochoka ku Lilongwe ikuzungulira kunja kwa dziko isanafike ku Blantyre, ndipo mudzazindikira ndi kuchedwa kwake.

Chachinayi, fufuzani cholepheretsa polemba `tailscale netcheck` pa makina onse awiri. Mzere wa `UDP` ukaonetsa `false`, netiweki yomwe mulipo ikutsekereza mauthenga a mtundu umenewu, zomwe zimachitika m'mahotela ndi m'maofesi ena, ndipo mankhwala ake ndi kupempha woyang'anira netiwekiyo kuti alole UDP yotuluka. Mzere wa `MappingVariesByDestIP` ukaonetsa `true`, rauta ikupereka poti yatsopano pa malo aliwonse omwe uthenga ukupita. Zikatero nambala yomwe seva ya STUN inaona si yomwe mnzanu ayenera kugogodapo. Vutoli likakhala mbali imodzi, njira yachindunji imatheka nthawi zina, koma likakhala mbali zonse, kawirikawiri mumatsalira pa seva yopatsirana. Chothandiza ndi kufewetsa mbali imodzi: yatsani IPv6 ngati makampani a mbali zonse akuipereka, kapena sunthirani kompyuta ya ku ofesi pa intaneti ya kampani ina. Kuyatsa UPnP kapena NAT-PMP pa rauta kumathandiza pokhapokha ngati rautayo ili ndi adiresi yakeyake yoonekera kunja.

Wina anganene kuti tangosiya kudalira rauta n'kuyamba kudalira kampani yakunja. Nkhawayi ndi yomveka, koma tiione malire ake. Seva yolumikizitsa ndiponso yopatsirana sizingawerenge mauthenga anu, chifukwa makiyi achinsinsi ali m'makina mwanu. Mphamvu yomwe seva yolumikizitsa ili nayo ndi yonena makina omwe ali m'gulu, choncho wakuba akaunti yanu angathe kulowetsamo makina ake. N'chifukwa chake akauntiyo iyenera kukhala ndi chitsimikizo chachiwiri polowa, ndipo foni ikatayika muichotse pa mndandanda tsiku lomwelo. Amene safuna kudalira kampani angathe kuyendetsa seva yakeyake ndi Headscale, koma sevayo imafuna adiresi yoonekera kunja. Kunena zoona, adiresi yotere siinathetsedwe. Yangochoka pa makina osunga zinthu zanu n'kupita pa seva yomwe ntchito yake ndi kudziwitsana basi.

Winanso angati kutsegula poti n'kosavuta pomwe kukutheka. Koma poti yotsegula imayankha aliyense pa intaneti, kuphatikizapo makina omwe amasakasaka makomo otere usana ndi usiku, pomwe WireGuard sayankha uthenga wopanda kiyi yemwe akumudziwa. Komabe chitetezochi chili ndi polekezera: mukangoyamba kumene, makina onse a m'gulu amatha kufikirana, ndiye mukalowetsamo antchito, lembani malamulo a yemwe angafike pati. Kumbukiraninso kuti kiyi wa makina amatha mphamvu pakadutsa masiku 180. Pa kompyuta ya ku ofesi, yomwe palibe woikhalira pafupi, sankhani `Disable key expiry` patsamba loyang'anira ndipo muiletse kugona, apo ayi idzasowa pa netiweki inu muli ku Blantyre popanda wokalowetsanso akaunti.