Mafunso ndi Mayankho: Kufunsa Bwana Tanthauzo la Ndime ya Kontirakiti ya Chiarabu

Anthu ena ochokera ku Domasi, Songani ndi Malosa amene akugwira ntchito ku Oman ndi maiko oyandikana nalo anasayina kontirakiti yolembedwa m'Chiarabu osaimvetsa. Chimene chimakhala m'manja mwawo ndi chithunzi cha tsamba limodzi kapena awiri, chojambulidwa ndi foni mothamanga. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene antchitowo ndi abale awo kumudzi amafunsa kawirikawiri.

Chifukwa chiyani kontirakiti ili m'Chiarabu?

Ndicho chilankhulo cha boma ndi cha makhoti kumeneko. Ku Saudi Arabia ndi ku United Arab Emirates malamulo amanena kuti mawu a Chiarabu akasiyana ndi a Chingerezi, otsatidwa ndi a Chiarabu. Ndi bwino kuyembekezera zomwezo ku Oman.

Bwanji osangofunsa pakamwa?

Mawu a pakamwa sasiya umboni. Imelo imasunga tsiku, chithunzi ndi yankho, ndipo imapezekabe ngakhale foni itatayika kapena kulandidwa, bola mwini wake akukumbukira mawu achinsinsi.

Chithunzi chijambulidwe bwanji?

Tsamba lonse lioneke, kuphatikizapo mutu wake, nambala ya ndime, saini ndi chidindo. Chiarabu chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, choncho kudula mbali ya kumanja ndiko kudula chiyambi cha mzere uliwonse. Timadontho ta pamwamba ndi pansi pa zilembo tioneke bwinobwino, chifukwa zilembo zingapo zimasiyana ndi timadonthoto basi.

Kodi wantchito angawerenge yekha manambala a m'ndimeyo?

Angathe, ndipo ayambire pomwepo asanalembe chilichonse. Manambala amalembedwa motere: ١ ndi 1, ٢ ndi 2, ٤ ndi 4, ٥ ndi 5, ٦ ndi 6, ٧ ndi 7, ٩ ndi 9, pamene kadontho aka ٠ ndi 0. Atatu ndiwo amasocheretsa: 5 amaoneka ngati 0, 6 amaoneka ngati 7, ndipo 0 amaoneka ngati kachitsotso ka papepala. Manambala, mosiyana ndi mawu, amawerengedwa kuchokera kumanzere.

Mwachitsanzo, mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Muscat wajambula ndime 7 ya kontirakiti yake, ndipo m'kati mwake muli ٢٤ ndi ٦٠٠. Ameneyo ndi 24 ndi 600. Ngati malipiro ake ndi mariyali 90 pamwezi, mariyali 600 ndi malipiro a miyezi isanu ndi umodzi ndi masiku ngati 20. Koma manambalawo sanena kuti wolipira ndani, kapena kuti 24 ndi miyezi kapena masiku. Funso la mu imelo lichokere pamenepa. Chinanso, riyali ya ku Oman imagawidwa m'mabaisa 1,000, motero 90.000 papepala ndi mariyali 90, osati zikwi 90.

Kodi kufunsa sikungakwiyitse bwana mpaka kumuchotsa munthu ntchito?

Awa ndiwo mantha aakulu, ndipo si opanda maziko. Ku Oman chilolezo chokhalira m'dziko chimamangidwa pa dzina la wolemba ntchito, dongosolo lotchedwa kafala. Wantchito akachoka popanda chilolezo, bwana angathe kukanena kuti wathawa, zomwe zingamugwetse m'ndende, m'chindapusa, kapena kumubwezetsa kwawo. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anazunzika m'nyumba za ku Oman, ndipo ena mwa mabwana awo ankafuna kubwezeredwa ndalama zimene analipira kwa maejenti asanawamasule.

Kufunsa tanthauzo la ndime si kuphwanya kontirakiti ndipo si kuthawa. Komabe palibe amene angalonjeze momwe bwana wina aliyense angachilandirire. Chimene chimachepetsa ngozi ndi kalembedwe. Imelo ifunse, isaimbe mlandu. Isatchule zosiya ntchito, za khoti kapena za apolisi. Kumene kuli kale kumenyedwa, kutsekeredwa m'nyumba kapena kumanidwa malipiro, imelo kwa bwana si poyambira. Nkhani yotereyo ipite ku ofesi ya kazembe wa Malawi wa m'deralo, kapena abale aitule ku ofesi ya zantchito ku Zomba.

Nanga imeloyo ilembedwe motani?

Ilembedwe m'Chingerezi chophweka, m'ziganizo zazifupi, pakuti wolandirayo mwina adzaimasulira ndi foni, ndipo chiganizo chachitali chimasokonekera pomasulira. Pamutu palembedwe dzina la wantchito ndi nambala ya ndime. Moni wa "Asalamu alaikumu" ndi wolandirika kwa aliyense. Mayi wa m'chitsanzo chija angalembe mfundo izi: "Bwana, ndatumiza chithunzi cha ndime 7 ya kontirakiti yanga. Ndikuonamo 24 ndi 600 koma Chiarabu sindichidziwa. Chonde mundithandize. Kodi 24 ndi miyezi? Kodi mariyali 600 amalipira ndani, ndipo pa chifukwa chanji? Kodi adzadulidwa pa malipiro anga? Ndikupempha yankho lolembedwa komanso kontirakiti yonse. Zikomo kwambiri."

Mafunso amene amayankhika ndi inde, ayi kapena nambala ndiwo othandiza. Funso loti "mundifotokozere ndimeyi" limabweretsa yankho loti palibe vuto, lomwe silitanthauza kanthu. Ku Oman Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku opuma, choncho kuchedwa kwa yankho pa masiku amenewa sikukhale kodetsa nkhawa.

Kodi shehe kapena mwalimu wa kumadarasa kumudzi sangamasulire?

M'chigwa cha Domasi muli ambiri odziwa kuwerenga zilembo za Chiarabu, ndipo angathandize pa manambala ndi pa madeti. Koma kudziwa kuwerenga Kurani n'kosiyana ndi kumva Chiarabu cha malamulo. Wofunika ndi amene anaphunzira chilankhulocho mozama kapena anakhalako kumeneko. Kumasulira kwake kuyerekezeredwe ndi yankho la bwana. Zikasiyana pa funso la wolipira, pamenepo ndi pofunika kufufuza.

Bwana akayankha kuti ndalamazo adzalipira wantchito akachoka miyezi 24 isanathe, zatha pamenepo?

Yankho la bwana ndi maganizo a mbali imodzi, si chigamulo. Ndime ikhoza kukhala m'kontirakiti koma yosagwirizana ndi malamulo a dzikolo, ndipo woweruza zimenezo ndi unduna wa zantchito kapena khoti. Ku Oman lamulo lalikulu la ntchito ndi la 2023, koma antchito a m'nyumba amayendetsedwa ndi malamulo apadera a undunawo, motero zimene zinathandiza mnzawo wa pakampani mwina sizingagwire kwa iwo. Wantchito asavomereze ngongoleyo polemba, ngakhale ndi mawu amodzi oti "chabwino", asanamve uphungu wa odziwa malamulo. Uphungu wotere nthawi zina umalipiritsa, ndipo mtengo wake umasiyanasiyana.

Bwana akapanda kuyankha, kapena akakalipa?

Papite sabata imodzi, kenako imelo yomweyo itumizidwenso mwaulemu womwewo. Akayankha pakamwa, wantchito alembe imelo yaifupi yobwereza zimene wamva ndi kupempha kuti bwana atsimikize. Akabweretsa pepala lina la Chiarabu kuti lisayinidwe pomwepo, wantchito apemphe nthawi, alijambule, ndipo chithunzicho chitumizidwe kwa m'bale wodalirika kumudzi pamodzi ndi cha pasipoti ndi cha kontirakiti yoyamba.