Kampani ndi Mwini Wake: Ngongole ndi ya Yani?

Pamaso pa lamulo, kampani yolembetsedwa ku boma ndi munthu payokha. Ilibe thupi, koma ili ndi dzina lake, katundu wake ndi ngongole zake. Imatha kugula malo, kutsegula akaunti ku banki, kulemba anthu ntchito, kusumira munthu ku khoti ndiponso kusumiridwa. Amene anaiyambitsa akamwalira, kampaniyo siifera limodzi naye. Masheya ake amapita kwa olandira chuma chamasiye, ndipo ntchito imapitirira.

Kampani imabadwa tsiku limene ofesi ya boma yolembetsa makampani yapereka satifiketi. Ku Malawi nkhaniyi imayendetsedwa ndi Lamulo la Makampani la 2013, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa lamulo lakale la 1984. Lamulo latsopanoli limalola ngakhale munthu mmodzi yekha kuyambitsa kampani. Koma kulembetsa kampani n'kosiyana ndi kulembetsa dzina la bizinesi. Mwini golosale amene wangolembetsa dzina lolembedwa pakhoma la sitolo yake sanabereke munthu wachiwiri. Iye ndi golosaleyo ndi chinthu chimodzi, ndipo ngongole ya golosale ingathe kumulanditsa njinga, wailesi ngakhale mbuzi za kunyumba.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Bambo wina wa ku Zakazaka, ku Zomba, amacheka ndi kugulitsa matabwa a paini ochokera m'phiri. Walembetsa kampani ndipo watenga masheya a K2,000,000. Mwa ndalamazi walipira K1,500,000, kwatsala K500,000. Kampaniyo yagula makina ochekera ndipo yagwirizana ndi mwini lole kuti azitsitsa matabwa kuchokera m'phiri, malipiro pakutha pa mwezi. Patapita chaka malonda avuta. Mwini lole sanalipidwe K6,000,000, pomwe katundu yense wa kampani, makina ndi matabwa otsala, angagulitsidwe K3,500,000 basi.

Mwini lole akapita ku khoti, amasumira kampani, osati bambo uja. Akawina mlandu, asherifi amalanda katundu wa kampani yekha. Ngati kampani ikutsekedwa, bamboyo amakakamizidwa kumaliza K500,000 ya masheya imene sanalipire, ndipo udindo wake umathera pomwepo. Zonse pamodzi zakwana K4,000,000. Ngakhale patakhala kuti palibe wina wodandaula, mwini lole wataya K2,000,000. Nyumba ya bambo uja ku Zakazaka, munda wake ndi njinga yake yamoto sizikhudzidwa, chifukwa amene anakongola ndi kampani.

Anthu ambiri akamva zimenezi koyamba amati ndi kuba. Koma lamulo linakonza dala chomwechi, kuti munthu athe kuika gawo la chuma chake pa malonda popanda kuopa kuti akalephera banja lonse ligona panja. Mabanki amazidziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake asanakongoze kampani yaing'ono amafuna chikole, kapena amauza mwini wake asaine pepala lolonjeza kuti kampani ikalephera adzabweza yekha. Wosaina pepala lotere wadzimanga ndi dzanja lake, ndipo sangabisalenso kumbuyo kwa kampani.

Mfundoyi inakhazikika pa mlandu wa Aron Salomon, wosoka nsapato zachikopa mumzinda wa London. Mu 1892 iye anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Lamulo la nthawiyo linkafuna anthu asanu ndi awiri, choncho anapatsa mkazi wake ndi ana ake asanu sheya imodziimodzi, iye n'kutenga masheya 20,001. Gawo lina la mtengo wa bizinesiyo, mapaundi 10,000, linalembedwa ngati ngongole imene kampani inali nayo kwa iye, chikole chake chili katundu wa kampani. Pasanapite nthawi yaitali malonda anagwa. Amene anakongoza kampani popanda chikole anadandaula kuti kampaniyo inali Salomon yemweyo atangosintha dzina. Makhoti awiri oyamba anagwirizana nawo, koma mu Novembala 1896 khoti lalikulu koposa la ku Mangalande linagamula mosiyana. Linati kampani inalembetsedwa motsatira lamulo, panalibe chinyengo, choncho inali munthu wina ndithu.

Chigamulochi chinafika kuno kudzera mu ulamuliro wa atsamunda. Mu 1902, pamene likulu la boma linali ku Zomba, analamula kuti makhoti a dziko lino azitsatira malamulo a ku Mangalande. Mpaka lero ophunzira zamalamulo pa Yunivesite ya Malawi ku Chirunga amaphunzira mlandu wa Salomon akafika pa phunziro la makampani.

Kusiyana kwa kampani ndi mwini wake kumapwetekanso mwiniyo akaiwala. Bambo wina wa ku Ireland, Macaura, anagulitsa mitengo yonse ya pa esiteti yake kwa kampani imene masheya ake anali a iye mwini. Kenako anadulira mitengoyo inshulansi ya moto m'dzina lake, osati m'dzina la kampani. Moto utawononga mitengo, a inshulansi anakana kulipira, ndipo mu 1925 khoti linati akanadi mwachilungamo, popeza mitengoyo sinalinso ya Macaura. Kwa wochita malonda a matabwa m'phiri la Zomba, kumene moto wolusa umabuka nthawi yachilimwe, nkhaniyi si yakutali. Makina ndi matabwa a kampani amadulidwira inshulansi m'dzina la kampani. Chimodzimodzinso ndalama za mu akaunti ya kampani si za m'thumba la mwini wake kuti azitapa mmene wafunira.

Akatswiri a malamulo amayerekeza kusiyanaku ndi nsalu yotchinga pakhomo la chipinda: wapanja amaona kampani, eni ake ali kuseri. Nthawi zambiri khoti limasiya nsaluyo ili chitchingire. Limaivundukula mwa apo ndi apo, makamaka pamene munthu anali kale ndi udindo kapena ngongole yakeyake, n'kugwiritsa ntchito kampani imene amailamulira kuti azembe udindowo.

Milandu iwiri ya ku Mangalande imaonetsa bwino zimenezi. Woyamba ndi wa 1933. Horne anali mkulu woyendetsa kampani ya magalimoto ya Gilford, ndipo anasaina kuti akadzachoka sadzanyengerera makasitomala a kampaniyo. Atachoka, panayambika kampani yatsopano m'dzina la mkazi wake, ndipo inayamba kukopa makasitomala omwewo. Khoti linaona kuti kampani yatsopanoyo inali yongobisaliramo, ndipo linaletsa onse awiri, Horne ndi kampaniyo. Wachiwiri ndi wa 1962. Lipman anagwirizana zogulitsa nyumba yake kwa Jones pa mtengo wa mapaundi 5,250, kenako anasintha maganizo. Anasamutsira nyumbayo ku kampani yake kuti azinena kuti nyumba si yakenso. Khoti linalamula iye ndi kampaniyo kuti apereke nyumba kwa wogula. Pa milandu yonseyi lonjezo linalipo kale, kampani inabwera pambuyo ngati njira yothawira.

Nkhani ya bambo wa ku Zakazaka ingasinthe motere. Asanalembetse kampani, iye analandira K3,000,000 kwa kalipentala wina wa mumzinda wa Zomba, n'kusaina kuti amugulitsa makina ake ochekera. Ataona kuti mtengo wa makina wakwera, anathamanga kukalembetsa kampani, kuisamutsira makinawo, n'kumauza kalipentala kuti makina ndi a kampani. Apa khoti lingathe kuvundukula nsalu ndi kulamula kuti makina aperekedwe. Mwini lole uja alibe mwayi wotere, chifukwa iye anachita mgwirizano ndi kampani kuyambira pachiyambi, akudziwa kuti ndi kampani.

Woweruza amayang'ana kwambiri masiku ndi mapepala. Amafuna kudziwa ngati katundu anasamutsidwa samani ya ku khoti itafika kale kapena isanafike, ngati kampani inalipiradi mtengo woyenera wa katunduyo, ndiponso ngati kampaniyo imachitadi malonda kapena ili ndi dzina lokha. Amaonanso amene amalamuladi zochitika, ngakhale mapepala atatchula mkazi, mlamu kapena mphwake. Kusakaniza ndalama za kampani ndi za kunyumba, monga kulipira fizi ya ana kuchokera mu akaunti ya kampani popanda kulemba paliponse, kumawonjezera umboni. Udindo wobweretsa umboniwu ndi wa wodandaula, ndipo si wopepuka, chifukwa mabuku a kampani amakhala m'manja mwa yemwe akumusumirayo.

Pali zambiri zimene sizikwanira pazokha. Kukhala mwini masheya onse si mlandu. Salomon anali pafupifupi wotero. Kulephera kubweza ngongole si chinyengo. Kampani yaikulu siimangobweza ngongole za kampani yaing'ono imene ili pansi pake chifukwa choti eni ake ndi amodzi. Ngakhale chisoni cha woweruza kwa munthu amene wataya ndalama sichikwanira. Mu 2013, pa mlandu wa chisudzulo wa banja la Prest, khoti lalikulu la ku Britain linatsindika kuti nsalu ivundukulidwe pokhapokha ngati munthu akuzemba udindo umene anali nawo kale, ndipo palibe njira ina ya lamulo yothandizira wodandaula. Zigamulo zatsopano za kunja sizimanga makhoti a Malawi, koma maloya amazitchula ndipo oweruza amaziganizira.

Njira ina yofikira anthu a kuseri imachokera m'malamulo olembedwa ndi Nyumba ya Malamulo. Kampani ikamatsekedwa chifukwa cha ngongole, pansi pa lamulo la 2016 loona za olephera kubweza ngongole, amene wasankhidwa kuti atolere katundu wake amafufuza mmene inkayendetsedwera. Zikapezeka kuti oyendetsa kampani ankachita malonda ndi cholinga chobera okongoza, khoti lingawalamule kuti asonkhe ndalama za m'thumba mwawo. Bambo wa ku Zakazaka angagwidwe pamenepa ngati anapitiriza kuitana lole pa ngongole akudziwa kuti sadzalipira, kwinaku akusamutsira ndalama za matabwa ku akaunti yake. Komanso munthu amene wanama yekha kuti apeze katundu amayankha mlandu wa bodza lakelo, ngakhale atanena kuti ankalankhulira kampani.

Milandu ikuluikulu yotere imapita ku Khoti Lalikulu, lomwe lili ndi nthambi ku Zomba, ndipo ya zamalonda ili ndi gawo lakelake ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Wosakhutira ndi chigamulo amachita apilo ku Khoti la Suprimu. Khoti likavundukula nsalu, limatero pa nkhani imodzi yokhayo imene yabwera pamaso pake. Kalipentala akalandira makina ake, kampaniyo siithetsedwa, ndipo ngongole zake zina, kuphatikizapo ya mwini lole, zimakhalabe za kampani.