Kuphunzitsa Zining'a: Zimene Tinaona M'kalasi ku Magaleta

Tsiku lina tinapita kukayendera mphunzitsi woyeserera pa sukulu ina ya kufupi ndi Magaleta, m'boma la Neno. Anali kuphunzitsa Chichewa mu Sitandade 6. Pa bolodi analemba zining'a khumi ndi ziwiri kumanzere, matanthauzo ake kumanja, ndipo ana anakopera zonse mwaukhondo ndithu. Phunziro litatsala pang'ono kutha tinapempha kuti tifunseko funso limodzi. Tinalemba chiganizo ichi: "Agogo anatsina khutu Chikondi kuti asadzere njira ya kudambo." Kenaka tinafunsa kuti, "Kodi Chikondi anamva bwanji?" Ana ambiri anayankha kuti anamva kuwawa, ena anati analira. Komatu "kutsina khutu" kunali pa bolodi pomwepo, tanthauzo lake lakuti "kuchenjeza" lili pambali pake. Mphunzitsiyo anagwira njakata.

Sitikumunyoza mnzathuyo, pakuti ambiri a ife tinaphunzitsidwa motero. Cholakwa chinali chakuti anawo analoweza mndandanda, koma atakumana ndi chining'a m'chiganizo anabwerera ku chizolowezi chawo chowerenga liwu lililonse palokha. Chizolowezi chimenechi tinawapatsa ndife tomwe kuyambira m'Sitandade 1, ndipo n'chabwino pa ziganizo zambiri. Pa zining'a pokha ndi pamene chimasokeretsa.

Tiyeni tione chifukwa chake. M'chiganizo chakuti "Mayi aphika nsima", tanthauzo limamangidwa ngati nyumba ya njerwa: mwana akadziwa "mayi", "kuphika" ndi "nsima", wadziwa zonse. Tingachotse "nsima" n'kuikapo "phala", tanthauzo n'kusintha pamalo pomwepo pokha. Chining'a sichitero. Mawu ake anagwirana kalekale nakhala ngati liwu limodzi. Yesani kuchotsa "khutu" n'kuikapo "mphuno". Munthu amene watsinidwa mphuno sanachenjezedwe kanthu, wangopwetekedwa basi. Yesaninso "kulemba m'madzi", kumene kutanthauza kutaya chiyembekezo cha chinthu chimene munachiwerengera. Mukati "kulemba m'chitsime" kapena "kulemba m'mtsinje wa Lisungwi", madzi alipo ndithu, koma chining'a chafa. Kuyesa kotereku, kosinthitsa liwu limodzi ndi lina lofanana nalo, ndiyo njira yapafupi yodziwira ngati mawu ali chining'a, ndipo ana a Sitandade 5 angathe kuichita okha.

Apa tisiyanitseko pang'ono ndi mwambi, chifukwa ophunzira athu amasakaniza ziwirizi pa mayeso. Mwambi, monga "Mutu umodzi susenza denga", ndi chiganizo chathunthu choima pachokha. Chining'a kawirikawiri chimayamba ndi mneni, ndipo chimadikira kuti tichilowetse m'chiganizo chathu, tichipatse mwininkhani ndi nthawi.

Chimene chimavuta kwambiri n'chakuti mawu omwewo nthawi zina sakhala chining'a konse. "Mwana wataya madzi" angakhale kuti wakhuthula ndowa pakhomo, angakhalenso kuti wakodza. Mphunzitsi waukali angathe kutsinadi khutu la mwana ndi zala. Tsono mwana amene wangoloweza kuti "kutaya madzi ndiko kukodza" walakwitsanso mbali ina, pakuti adzaseka pamene palibe choseketsa. Chimene chimalamula ndi mawu ozungulira. M'chiganizo chathu cha pa bolodi chija chizindikiro chinali pa "kuti asadzere njira ya kudambo". Zala sizinena za njira, koma pakamwa. Anawo sanaphunzitsidwe kuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawu, ndipo kuyang'ana kumeneko ndiko kwenikweni kumene tiyenera kuphunzitsa.

Zining'a sizibisa tanthauzo mofanana, ndipo mphunzitsi wanzeru amazisanja asanalowe m'kalasi. Zina zili ndi chithunzi choonekera. Tengani "kudyera masuku pamutu". Mwana wa ku Neno amawadziwa masuku, amene amapsa m'nkhalango mvula ikamayamba, ndipo waonapo mayi atasenza dengu lodzaza. Mukamufunsa kuti, "Nanga wina wamtali atamabwera pambuyo n'kumatola masukuwo n'kumadya, wosenzayo osaona, pamenepo pachitika chiyani?" mwanayo adzafika yekha pa tanthauzo lakuti kupindula ndi thukuta la mnzako iye osazindikira. Chimodzimodzi "kugwiritsa fuwa lamoto". Mwana wa kumudzi amene amasonkha moto pa mafuwa atatu amadziwa kuti fuwa limaoneka lozizira pamene likutentha, ndiye savutika kumvetsa kuti wogwiritsidwa fuwa lamoto wapusitsidwa. Koma mwana wa m'tauni wokulira pa mbaula muyenera kuyamba mwamuonetsa fuwalo.

Zina zilibe chithunzi chimene mwana angachione. "Kugwira njakata" ndiko kusowa chochita, koma liwu lakuti "njakata" ana sakumana nalo kwina kulikonse kunja kwa chining'achi. Pamenepa kufunsa kuti "Kodi njakata n'chiyani?" ndi kutaya nthawi. Ndipo tikuchenjezeni za chiyeso chimodzi: mwana akafunsa chiyambi cha chining'a, mphunzitsi amachita manyazi kunena kuti sadziwa, napeka nkhani pomwepo. Nkhani yopekayo ana amaisunga zaka zambiri kuposa tanthauzo lenilenilo. N'kwabwino kuwauza kuti akafunse akuluakulu kumudzi.

Ngakhale pamene chithunzi chilipo, kumbukirani kuti chimathandiza kukumbukira tanthauzo, osati kulilosera. Wina akamva koyamba "kutsamira mkono" angaganize kuti ndi kupumula kapena kuchita ulesi, ndipo kuganiza kwakeko n'komveka. Koma eni chiyankhulo anagwirizana kuti ndiko kumwalira. Angerezi nawo ali ndi mawu awo onena za kumenya ndowa ndi phazi, otanthauzanso kufa, koma amawanena moseka, pamene athuwa timawanena mwaulemu. Mwana amene adzatembenuza chimodzi ndi chinzake pa maliro adzachititsa manyazi abale ake. Motero chining'a chili ndi tanthauzo, komanso chili ndi malo ake ndi anthu oyenera kuchimva.

Patapita milungu iwiri tinabwereranso ku sukulu ija, titakonzera limodzi phunziro lina ndi mphunzitsi yemwe uja. Tinasankha zining'a zitatu zokha pa mphindi 35: kutsina khutu, kudyera masuku pamutu ndi kulemba m'madzi. Pa bolodi sipanalembedwe kanthu poyamba. Iye anangosimba nkhani yaifupi yoipeka yekha, ya mnyamata amene anathyola manachesi m'munda mwa amalume ake kuti akagulitse pa msika. Mlongo wake anamutsina khutu kuti munthu wina wogula amakonda kutenga katundu pa ngongole osalipira. Mnyamatayo sanamvere, anapereka matumba awiri, wogula uja analonjeza kubwera Loweruka. Loweruka linafika, lina linafikanso, mnyamata anangolemba m'madzi. Amalume ake anati, "Iwe, munthu uja wakudyera masuku pamutu."

Atasimba kawiri, anayamba mafunso, ndipo mafunsowo ndiwo mtima wa phunziro. Sanafunse kuti "Kodi kutsina khutu kutanthauzanji?" Anafunsa kuti, "Mlongo uja anachita chiyani? Anagwira m'bale wake pathupi kapena anayankhula naye? Mwadziwa bwanji?" Mtsikana wina anayankha kuti, "Aphunzitsi, anayankhula, chifukwa mwati sanamvere." Yankho limeneli linatikondweretsa kuposa tanthauzo lililonse loloweza, pakuti mwanayo analoza umboni m'nkhani momwemo. Pa masuku mnyamata wina anadabwa, nati, "Komatu ankagulitsa manachesi, masukuwo achokera kuti?" Kalasi linaseka, koma mphunzitsi anamuyamika, chifukwa kudabwa kumeneko ndicho chizindikiro choyamba chakuti mwana wakumana ndi chining'a: mawu sakugwirizana ndi nkhani. Anauza ana onse kuti akamawerenga n'kuona chinthu chotulukira pamene sichiyenera, monga masuku pa malonda a manachesi, aime, awerengenso chiganizo cha m'mbuyo ndi cha kutsogolo.

Apa ndi pamene analemba zining'a zitatuzo pa bolodi, ana n'kupereka matanthauzo m'mawu awoawo. Kenaka anasewera nazo. Anawapempha kuti asinthe nthawi ndi anthu: ananditsina khutu, tidzakutsinani khutu, anatsinidwa khutu. Zonsezi zinaloleka. Atayesa "ananditsina makutu" ndi "ananditsina khutu lamanzere", ana omwewo anakana, nati tsopano zikupweteka. Anazindikira okha kuti mneni angasinthe maonekedwe, koma dzina lija silifuna kuchulukitsidwa kapena kuonjezeredwa mfotokozi. Lamulo limeneli si la zining'a zonse, ndiye chilichonse muchiyese pachokha musanachibweretse kwa ana.

Mphindi zotsala ana anakhala awiriawiri, aliyense n'kuuza mnzake chinthu chomuchitikira iye mwini pogwiritsa chining'a chimodzi. Pamenepa ndi pamene zolakwa zimaonekera. Mwana wina anati, "Ndinalemba m'madzi chifukwa sindinasese pabwalo." Iye anamva kuti chining'acho chikunena za kulephera, koma sanamve kuti payenera kukhala chinthu chimene munthu anachiyembekezera nachisowa. Mphunzitsi anamufunsa kuti, "Unkayembekezera kulandira chiyani?" Mwanayo anaganiza, nakonza kuti amayi ake anamulonjeza mandasi akasesa, mng'ono wake n'kumudyera. Cholakwa chotere simungachipeze pa mayeso olumikiza chining'a ndi tanthauzo ndi mzere, chifukwa pamenepo mwana yemweyo akanakhoza.

Poyesa, tsono, perekani ziganizo ziwiri za mawu amodzimodzi, china chachining'a, china chosaphiphiritsa, ana anene kuti n'chiti ndipo adziwa bwanji. Mwachitsanzo: "Atatsuka mbale anataya madzi kuseri kwa khitchini" ndi "Basi itaima, abambo anatsika kuti akataye madzi." Amene waloza "atatsuka mbale" ngati umboni wamvetsa.

Mphunzitsi wathu anadandaula kuti pa liwiro la zitatu pa phunziro sadzamaliza zonse za m'buku. N'zoona, sadzamaliza pa mapiriyodi a zining'a okha. Koma zining'a zambiri zimene ife akuluakulu timadziwa sitinazitole m'kalasi. Tinazimva pa maliro, pa bwalo la milandu kwa amfumu, pa wailesi ndi pa chitsime, kambirimbiri, mpaka zinakhazikika. Ntchito yathu ndi kuchulukitsa kumvako. Tinamulangiza kuti zitatu zija azibwereze iye mwini m'mayankhulidwe ake sabata yonse, ngakhale pa phunziro la masamu kapena la ulimi, monga kunena kuti, "Ndikutsineni khutu, mawa kuli mayeso." Tinamulangizanso kuti apachike pepala lalikulu pakhoma, mwana aliyense akamva chining'a kwawo adzachilembe pamodzi ndi chiganizo chonse chimene anachimveramo, ndi amene ananena, kaya agogo kaya wogulitsa pa msika. Chining'a chobwera chopanda chiganizo chake asachilandire, mwanayo abwerere akamvetserenso.

Pa pepala limenelo padzabwera zina zimene m'mabuku mulibe, pakuti Neno ali m'malire ndi Mozambique ndipo anthu ake ali ndi kayankhulidwe kawo. Padzabweranso za achinyamata zongotuluka kumene. Musazifufute. Zilembeni mbali ina ya pepala, ndipo Lachisanu mukambirane ndi ana kuti ndi ziti zimene anganene kwa anzawo pa mpira, ndi ziti zimene anganene pamaso pa amfumu kapena kulemba m'chimangirizo.