Botolo limodzi la uchi, malamulo atatu

M'munsi mwa mapiri a Mafinga, kufupi ndi Chisenga m'boma la Chitipa, muli nkhalango za mitengo yachilengedwe zomwe njuchi zimakonda. Tiyerekeze mayi wina wa kumeneko amene ali ndi ming'oma ya njuchi. Kale ankagulitsa uchi wake m'mabotolo opanda dzina. Tsopano wagula mabotolo atsopano, wapatsa uchiwo dzina, ndipo mnyamata wina wodziwa kujambula wamukonzera kapepala komata pa botolo, kokhala ndi chithunzi cha phiri ndi njuchi. Mwamuna wake naye wapanga chida chofinyira zisa chomwe akuti palibe anachipangapo. Malonda ayamba kuyenda pa msika wa Chitipa, ndipo mayiyu ali ndi nkhawa imodzi: bwanji wina akaba zonsezi?

Pali malamulo atatu omwe angamuthandize: kopelaiti, tiledimaki ndi patenti. Ambiri amawasokoneza, koma lililonse limateteza chinthu chakechake. Kopelaiti imayang'ana chithunzi chija, tiledimaki imayang'ana dzina, patenti imayang'ana chida chofinyira. Palibe limene limateteza uchi weniweniwo. Aliyense ali ndi ufulu woweta njuchi ndi kugulitsa uchi pafupi ndi mayiyu.

Tiyambe ndi chithunzi. Kopelaiti ndi umwini wa ntchito ya luso, monga nyimbo, buku, ndakatulo, sewero kapena chojambula. Ku Malawi nkhaniyi ili m'lamulo la chaka cha 2016. Ubwino wake ndi wakuti simulipira kanthu kuti mukhale nawo umwiniwu. Mnyamata uja atangomaliza kujambula, chithunzicho chinatetezedwa pomwepo, popanda kupita ku ofesi iliyonse. Chitetezocho chimakhala moyo wonse wa wojambulayo, ndi zaka zina 50 iye atamwalira.

Koma apa pali msampha umene amalonda ambiri sauona. Mayi uja analipira mnyamatayo, n'kuganiza kuti chithunzi ndi chake basi. Kulipira kokha sikuti nthawi zonse kumathetsa nkhani. Mawa mnyamatayo akhoza kunena kuti anagulitsa mapepala okha, osati umwini, ndipo akhoza kupereka chithunzi chomwecho kwa wogulitsa uchi wina. Mlandu wotere ndi wovuta ngati munangogwirizana pakamwa. Njira yake ndi yapafupi. Tengani pepala, mulembe tsiku, maina anu awiri, ndalama zomwe mwalipira, ndi mawu omveka akuti wojambulayo wapereka umwini wonse wa chithunzicho kwa inu. Iye asaine, inu musaine, pakhalenso mboni. Sungani pepalalo pamodzi ndi chithunzi choyambirira.

Dziwaninso malire ake. Kopelaiti imaletsa kukopera chithunzi chanu, koma siiteteza ganizo lojambula phiri ndi njuchi. Wina akajambula yekha phiri lake ndi njuchi zake, sanalakwe. Siitetezanso dzina lalifupi la malonda. Ndipo lamuloli limakukhudzani mbali inanso: ngati muli ndi malo odyera, bala kapena malo ogona alendo ndipo mumaikamo nyimbo kuti makasitomala azimvera, mukugwiritsa ntchito luso la eni ake, ndipo mufunika chiphaso cha bungwe la COSOMA, lomwe lakhala likutolera ndalama za oimba ndi olemba kuyambira mu 1992.

Tsopano tifike pa dzina, pomwe ine ndikuona kuti mpamene wamalonda wamng'ono ayenera kuikapo mtima ndi ndalama zake. Tiledimaki ndi chizindikiro cha malonda: dzina, chilembo kapena chithunzi chimene chimauza wogula kuti katunduyu wachokera kwa uje. Taonani khofi wa Mzuzu Coffee. Alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a kumpoto, kuphatikizapo a ku Misuku konkuno ku Chitipa, amagulitsa khofi wawo pansi pa dzina limodzi kudzera mu mgwirizano wa makopaletivu awo. Wogula wa ku Lilongwe sadziwa mlimi aliyense, koma amadziwa dzinalo ndipo amalikhulupirira. Wina akathira uchi wosakaniza ndi madzi a shuga m'botolo la dzina la mayi wa ku Mafinga uja, samangomulanda kasitomala mmodzi. Amamuonongera mbiri yomwe waimanga kwa zaka.

Mosiyana ndi kopelaiti, chizindikiro chimafuna kulembetsa kuti chitetezo chikhale cholimba. Lamulo lake ndi la chaka cha 2018, ndipo kulembetsa kumachitika ku ofesi ya boma yoona za makampani ndi zizindikiro, imene ambiri amaidziwa kuti kwa Registrar General. Musasokoneze zinthu ziwiri apa. Satifiketi ya dzina la bizinesi ndi ina, satifiketi ya chizindikiro ndi inanso. Yoyamba imaonetsa kuti boma likudziwa bizinesi yanu ndi mwini wake. Yachiwiri ndi imene imakupatsani mphamvu yoletsa ena kumata dzina lanu pa katundu wofanana ndi wanu. Anthu ambiri ali ndi yoyamba yokha, ndipo amagona tulo poganiza kuti atetezedwa.

Mayi uja ayambe n'kufufuza ku ofesiko ngati dzina lake, kapena lina lomveka mofanana nalo, silinalembetsedwe kale. Achite izi asanasindikize mapepala ambiri, chifukwa akapeza kuti dzinalo lili ndi mwini, mapepala onsewo ndi otaya. Kenaka adzaze fomu, apereke chithunzi cha chizindikirocho, alipire, ndipo atchule katundu amene chizindikirocho chizikhalapo. Katundu ndi ntchito zonse zinagawidwa m'magulu 45. Uchi uli m'gulu 30, limodzi ndi khofi, tiyi, mpunga ndi ufa. Akadzayamba kupanga makandulo ndi phula la njuchi, amenewo ali m'gulu lina, ndipo adzafunika kulembetsanso kumeneko. Ofesi ikaunika n'kukhutira, imalengeza chizindikirocho poyera kuti amene ali ndi chidandaulo abwere m'nthawi yoikika. Pakapanda wotsutsa, satifiketi imatuluka. Imagwira ntchito zaka 10, ndipo mukhoza kuionjezera zaka 10 zilizonse popanda malire, bola muzilipira pa nthawi yake ndi kugwiritsadi ntchito chizindikirocho. Mukalandira satifiketi mpamene mungaike kachilembo ka ® pambali pa dzina. Musakaike musanalembetse.

Si dzina lililonse limene ofesi ingavomere. Mayiyu akasankha “Uchi Wabwino” kapena “Uchi Weniweni”, akhoza kukanidwa, chifukwa mawuwa amangofotokoza katundu, ndipo wogulitsa uchi aliyense ayenera kukhala womasuka kuwagwiritsa ntchito. “Uchi wa ku Mafinga” nalonso ndi lovuta kuti likhale la munthu mmodzi, pakuti alimi onse a njuchi a m'mapiriwa akunena zoona akamati uchi wawo ndi wa ku Mafinga. Dzina lolimba ndi lopeka, kapena liwu losagwirizana n'komwe ndi uchi, monga dzina la mbalame kapena la nyenyezi. Pansi pake akhoza kulemba kuti uchiwo wachokera ku Mafinga. Ngati alimi a deralo akufuna kuteteza dzina la malo awo, achite zimenezo pamodzi: lamulo la 2018 limalola gulu kapena kopaletivu kulembetsa chizindikiro cha onse, komanso limateteza maina a malo omwe amadziwika ndi katundu wake.

Kwa anthu a ku Mafinga pali mfundo ina yofunika kwambiri. Mapiriwa ali pa malire, ndipo tsidya linalo ndi Zambia. Satifiketi ya ku Malawi imathera pa malirepo. Wina akayamba kugulitsa uchi ndi dzina la mayiyu ku Isoka kapena ku Nakonde, pepala la ku Malawi silingamugwire. Ngati msika wa ku Zambia ndi waukulu kwa iye, alembetsenso kumeneko, ku ofesi yotchedwa PACRA.

Nanga chida chofinyira zisa chija? Patenti imateteza chinthu chongotulukiridwa kumene: makina, chida kapena njira yopangira chinthu. Mwa atatuwa, ili ndilo lamulo lovuta ndi lodula. Chinthucho chiyenera kukhala chatsopano pa dziko lonse, osati m'mudzi mokha. Chisakhale chinthu choti mmisiri aliyense akanachiganiza mosavuta, ndipo chizigwiradi ntchito. Mwiniyo amalemba mwatsatanetsatane mmene chimapangidwira, ndi zojambula zake, kawirikawiri mothandizidwa ndi katswiri wolipidwa. Akhoza kupempha ku ofesi ya ku Malawi kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Afirika lomwe likulu lake lili ku Harare. Boma likavomera, limamupatsa mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho, koma kwa nthawi yochepa, zaka zosapitirira 20, ndipo pamakhala ndalama zolipira chaka ndi chaka. Nthawi ikatha, chinthucho chimakhala cha aliyense. Mng'oma wamakono wa mafulemu ochotseka unalandira patenti ku Amereka mu 1852, m'dzina la Lorenzo Langstroth. Patentiyo inatha kalekale, n'chifukwa chake kalipentala wa ku Chitipa akhoza kukhoma mng'oma wotere popanda kupempha munthu.

Cholakwika chachikulu pa patenti ndi kufulumira kuonetsa. Bambo uja akanyamula chida chake kupita nacho ku chionetsero cha zaulimi, kapena akagulitsa chimodzi kwa mnansi asanapereke pempho, akhoza kukhala atapha yekha mwayi wake, chifukwa chinthucho sichilinso chatsopano. Choyamba ndi pempho, kuonetsa kubwere pambuyo. Komabe ndinene mosabisa: zida zofinyira uchi zilipo zamitundumitundu kuyambira kale, ndipo chida cha bamboyu chikhoza kupezeka kuti chikufanana ndi china cholembedwa kale kunja. Asanataye ndalama, afunse ku ofesi za kafukufuku, ndipo awerengere ngati angagulitse zida zokwanira kubweza zimene alipire. Ngati chidacho n'chongogwiritsa ntchito pakhomo, kuchisunga mwachinsinsi n'kotchipa ndipo kulibe tsiku lothera, ngakhale kuti wina akadzachitulukira payekha simungamuletse.

Tsiku lina mayiyu akadzapeza botolo lonamizira pa msika, asayambe ndi mkangano. Aligule botololo, alembe tsiku ndi malo, apemphe lisiti ngati n'kotheka, ndipo ajambule pa foni. Kenaka ayang'ane chimene chabedwa. Ngati akopera chithunzi, atulutse pangano lija la wojambula. Ngati atenga dzina, kapena asintha chilembo chimodzi kuti ogula asokonezeke, atulutse satifiketi ya chizindikiro. Ofesi yolembetsa siyendera misika m'malo mwake. Mwiniwake ndiye amalemba kalata yochenjeza, ndipo wolakwayo akapanda kumva, nkhani imapita ku khoti.

Ngati mukukambirana nkhaniyi pagulu, aliyense abweretse paketi kapena botolo la katundu wogula m'sitolo. Pezani dzina la malonda, muone ngati pali kachilembo ka ®, ndipo muloze mbali imene ili ya kopelaiti. Kenaka amene ali ndi bizinesi atchule dzina lake, anzake anene ngati likungofotokoza katundu kapena ngati ndi dzina loti ofesi ingavomere.