Yankho kwa Bambo Amene Aphonya Gawo la Ngongole

Bambo a ku Dowa, kalata yanu yatifika, ndipo tamva kuti tsiku lobweza 40,000 kwacha ya mwezi uno lapita muli ndi 25,000 yokha, popeza wogula soya wanu sanakulipireni.

Mau oyamba ndi awa: mawa lomwe, kalata yokukumbutsani isanabwere, pitani nokha kwa mlangizi wa ngongole amene anakulembetsani, mutanyamula pepala la pangano lija, pakuti mmenemo ndimo mwalembedwa ngati pali masiku okudikirani, kukula kwa chindapusa, ndiponso ngati chimawerengedwa tsiku ndi tsiku kapena kamodzi pamwezi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo wobisala amamuyesa wothawa.

25,000 muli nayoyo iperekeni, musaisunge podikira kuti ikwane, koma mufunse kuti yalowa pati, chifukwa obwereketsa ambiri amayamba achotsa chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndipo yotsalayo ndiyo imapita ku ngongole yeniyeni. Mukapanda kufunsa, mudzayesa kuti mwatsala ndi 15,000 pomwe buku lao likunena zoposa. Risiti muisunge. Mukatero mutchule tsiku lenileni limene mudzamalize, ndipo mupemphe kuti chimene mwagwirizanacho chilembedwe, pakuti mau apakamwa sadzakuikirani umboni mlangiziyo akadzasamutsidwa.

Mboni yanu, kapena anzanu a gulu ngati munatenga pagulu, muwauze sabata lomwe lino, asadzamvere kwa okhometsa. Koma kwa akatapila ndiye musapondeko phazi: iwo kawirikawiri amafuna theka pamwamba, kotero 15,000 idzakhala 22,500 mwezi ukatha, pamene gawo lotsatira la 40,000 lidzakhala litafikanso.